Tidzabwera Kudzakuonani

Mayi Monica Chimphepo anali ndi sitolo ya feteleza ndi mbewu pa Nsaru, ndipo sankafuna mawu achipongwe pa bizinesi yawo. Si kuti anali ndi mtima wofewa ayi. Ankangodziwa kuti mlimi ukamutukwana ndalama sapereka, ndipo chaka chinacho amakagula kwina.

Mu Novembala anakongoza feteleza alimi ambiri a ku Nsaru ndi ku Kabudula. Aliyense anasayina kapena kudinda chala pa pangano, n'kutchula chikole chake: wina njinga yamoto, wina malata, wina ng'ombe. Fodya atayamba kugulidwa, ndalama zinkabwera modontha. Dyson, dalaivala wa lole ya sitoloyo amenenso ankatolera ngongole, analemba kalata imodzi n'kukaichulukitsa pa makina. Pamwamba panali mawu akuluakulu akuti CHENJEZO, kenako: "Inu angongole tatopa nanu. Bweretsani ndalama kapena muona."

Mayi Chimphepo anaiwerenga ataimirira, n'kuitana Kingsley, kalaliki wa sitoloyo.

"Taona zimene walemba mnzakoyu. Muona? Aona chiyani? Liti? Ndalama zingati? Kalata iyi ipite kwa a Mphadzula amene angochedwa sabata imodzi, ipitenso kwa munthu amene akundizemba chiyambire Epulo?"

"Alimi amamva zimenezo, bwana," anatero Dyson ali pakhomo.

"Iwe umamva zimenezo. Kapakire matumba." Anatembenukira kwa Kingsley. "Ulembe zitatu. Yoyamba ikhale ngati munthuyo wangoiwala. Yachiwiri imuuze kuti ife sitinaiwale. Yachitatu inene tsiku lomaliza ndi chimene chidzachitike. Zonse mwaulemu. Wamva?"

Kingsley anamva, ndipo anakondwa. Anali bambo wa zaka zoyandikira makumi anayi, wowerenga mawu ku tchalitchi Lamulungu, ndipo Chichewa cholemba ankachinyadira. Anakhala pa kompyuta yakale ya mu ofesi, kuseri kwa milu ya matumba, n'kuyamba.

Mayina a angongole atawayala, dzina lachisanu ndi chimodzi linali Tereza Phiri. Anali apongozi ake, amayi a mkazi wake Lydia, amene mudzi wonse unkangowatcha Anaphiri.

Kingsley anali mkamwini. Nyumba yake anaimanga pamalo pa Anaphiri, kuseri kwa khola, ndipo munda umene ankalima unali wawo. Chikwatirireni anali asanakhalepo nawo pamphasa imodzi. Nkhani zonse zinkadzera kwa Lydia. Zikavuta, Anaphiri ankaima kuseri kwa nkhokwe n'kulankhula chofulatira, "Muwauze bambo a Brenda kuti mbuzi zalowa m'dimba," ngakhale bambo a Brendawo ali pomwepo akumva. Ndi mmene zimakhalira, ndipo palibe amene ankadandaula.

Feteleza uja Kingsley anawatengera yekha Anaphiri ku sitolo amuna awo atangomwalira. Chikole analemba ng'ombe ziwiri za ngolo zimene malemuwo anasiya. Ngolo imeneyo ndiyo inkadyetsa khomo la Anaphiri: kututa chimanga cha anthu, njerwa, mchenga, odwala opita ku chipatala. Fodya wawo sanachite bwino. Anabweza pang'ono, n'kutsala K420,000.

Kalata yoyamba sinamuvute. Inali yokoma ngati moni wa pamsewu.

"Okondedwa Mayi Tereza Phiri, tikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomo. Tikuthokoza kuti munatenga feteleza ku sitolo yathu. Tangoti tikukumbutseni kuti pa ngongole yanu patsala K420,000, ndipo tsiku lobweza linali 31 Meyi. Tikudziwa kuti nthawi yokolola ntchito zimachuluka. Ngati mwalipira kale, kalatayi musailabadire."

Mayi Chimphepo anangochotsamo "pepani" mmodzi. "Ukupepesa chiyani? Feteleza ndi wanga."

Dyson anagawa makalatawo pa njinga yamoto, ndipo anthu ambiri anabwera kudzalipira, ena akuseka, ena atanyamula kalatayo m'thumba la malaya ngati chiitano cha ukwati. Kunyumba, Lydia anauza mwamuna wake kuti amayi aiwerenga kawiri atavala magalasi a malemu.

"Akuti munalemba ndinu eti? Akuti anthu ophunzira amadziwa kulankhula ndi munthu."

Mu Julayi inafika nthawi ya yachiwiri. Kingsley anayamba ndi malonje aatali, koma bwana anawadula pakati.

"Moni mzere umodzi basi. Zothokoza zija chotsa, unathokoza kale. Tchula kalata yoyamba ndi tsiku lake, asadzati sanamve. Ndipo apa walemba kuti 'mwanyalanyaza'. Ukudziwa bwanji? Mwina anadwala. Lemba zimene ukudziwa: ndalama sitinalandire."

Inatuluka chonchi: "Tinakulemberani pa 10 Juni za ngongole yanu ya K420,000. Mpaka lero ndalamayi sitinailandire. Chonde lipirani pofika pa 31 Julayi. Ngati simungathe kupereka yonse nthawi imodzi, bwerani ku sitolo tidzagwirizane kaperekedwe kake."

Anaphiri sanapite ku sitolo. Anatuma Lydia kuti akauze bambo a Brenda kuti akauze abwana awo kuti mtedza ukadali m'makoko, mtengo ukakwera adzagulitsa. Kingsley anati akanena. Tsiku limenelo bwana anali atakwiya ndi za lole, tsiku linalo kunali makasitomala, ndipo kenako anaona kuti nthawi yonena inali itapita. Komanso ankaopa kumva kuti, "Wayamba kupempherera abale ako?"

Yachitatu anailimbana nayo masana onse. Mayi Chimphepo anakhala pambali pake akudya mtedza wokazinga.

"Pamwamba ulembe kuti Chidziwitso Chomaliza. 'Chonde' akhale mmodzi. Osaopseza za apolisi, si nkhani ya apolisi. Unene zokhazo zimene zili pa pangano, ndiponso zokhazo zimene tidzachitedi. Ulemu uli pa 'inu' ndi 'a Uje'. Ulemu si kubisa nkhani."

"Bwanji titati 'tidzakakamizika kuchitapo kanthu'?"

"Kanthu kanji? Wabwerera kwa Dyson. Tchula chikolecho ndi dzina lake. Munthu akawerenga aone njinga yake ikutuluka pakhomo."

Mzere umene anagwirizana unali uwu: "Ngati pofika pa 31 Ogasiti ndalamayi idzakhala isanaperekedwe, pa 1 Seputembala tidzabwera kudzatenga chikole chimene chili pa pangano lanu, n'kuchigulitsa kuti tibweze ngongoleyi." Pambuyo pake pankabwera dzina la chikolecho. Bwana anasayina mapepala onse m'munsi mofulumira, atatu omaliza osawayang'ana n'komwe, chifukwa kunja kunali munthu wofuna mbewu.

Limodzi mwa atatuwo linali la Anaphiri, ndipo silinali lofanana ndi anzake.

Kingsley anali atalilemba monga ena onse, n'kuliwerenga pa kompyuta. Tidzabwera kudzatenga ng'ombe zanu. Anaona Anaphiri atavala magalasi aja, akudziwa bwino lomwe kuti zala zimene zalemba mawuwo ndi za munthu amene amadya chimanga cha m'munda mwawo. Mkamwini sauza apongozi ake ngakhale kuti chitenje chawo chakodwa paminga. Nanga awauze kuti adzawalanda ng'ombe? Mudzi ukanamva, akanayenda njira iti?

Anafufuta mutu uja wa Chidziwitso Chomaliza. Ndalama ndi tsiku anazisiya. Mzere wa chikole anauchotsa, n'kulemba kuti: "Ngati pofika pa 31 Ogasiti zidzakhala zisanatheke, pa 1 Seputembala tidzabwera kudzakuonani."

Anauwerenga n'kukhutira. Mawuwo sanali bodza. Munthu wanzeru akanamva. Ndipo mtedza unalipo, akagulitsa alipira, nkhani yatha, palibe amene wachita manyazi.

Koma kwathu kuno munthu amabwera kudzakuona ukadwala, ukaferedwa, ukabereka. Wodzakuona amabwera ndi kashuga m'manja. Anaphiri anali asanathe chaka chiferedwere, ndipo anamva mawuwo monga mmene anawamvera moyo wawo wonse.

Mtedza anagulitsadi pakati pa Ogasiti, kwa mavenda a pa Nsaru, ndipo ndalama inakwana ngongole ija n'kutsalako pang'ono. Sabata yomweyo zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zinatuluka. Brenda, mwana woyamba wa Kingsley ndi Lydia, anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Kunali nthungululu pakhomo. Kenako kunabwera pepala la zofunika: ndalama ya kogonera, matiresi, bulangete, yunifolomu, nsapato, sutikesi, ndowa. Malipiro a Kingsley sakanafika ngakhale theka.

Madzulo ena akutsuka njinga yake, Lydia anabwera n'kukhala pa njerwa.

"Amayi akuti ndalama ya mtedza ija apereke kwa Brenda."

Kingsley anapitiriza kupukuta sipoko.

"Akuti abwana anu ndi munthu wachifundo, alemba kuti adzabwera okha kudzawaona. Ndiye akuti adzawafotokozera pamaso, awapatse mpaka Disembala, ngolo ikagwira ntchito ya njerwa. Koma akuti ndiyambe ndafunsa inu, poti ndinu muli mkatimo. Kodi zingadikire?"

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola. Anaphiri anali pomwepo, akudikira yankho.

Apa Kingsley akanatha kunena mawu atatu okha: "Ayi, akalipire ngongole." Anayang'ana nyumba yake, mmene Brenda ankayeserera kuyenda ndi nsapato za amayi ake. Anaganiza za anthu a ku tchalitchi amene anali atamugwira kale chanza. Anaganizanso kuti akanena, afunsidwa chifukwa chake kalata sinanene.

"Kalata inanena zonse," anatero. "Amayi ndi aakulu, aona okha chochita."

"Mwamva amayi?" anafuula Lydia. "Akuti palibe vuto!"

Iye sanakonze mawuwo. Matiresi anakagula yekha ku Lilongwe, n'kubwera nawo atawapinda pamwamba pa minibasi.

Pa 1 Seputembala Anaphiri anadzuka kusanache. Anasesa bwalo lonse mpaka kumsewu, anazira khonde ndi dothi lakuda, anabwereka mipando iwiri ya pulasitiki kwa aneba. Thobwa anali ataphika dzana. Anapha tambala wamkulu, n'kuphika mpunga umene ankasungira Khirisimasi. Anavala chitenje chawo cha bungwe la amayi a ku tchalitchi, ndipo anaitana azimayi anzawo awiri kuti mlendo asapeze pakhomo pali zii.

Lole inafika dzuwa lili pamutu. Inali itadzera midzi ina, ndipo kumbuyo kunali kale njinga yamoto ndi malata omangidwa ndi chingwe. Kutsogolo kunali Dyson ndi Mayi Chimphepo. Kingsley anakwera kumbuyo, atagwira chikwama cha mapangano. M'mawa anayesa kunena kuti mutu ukumupweteka, koma bwana anati kwanuko ndiye ukapumule.

Azimayi aja analulutira. Anaphiri anagwada patali pang'ono n'kuomba m'manja.

"Takulandirani, mayi. Mwatilemekeza. Khomo la mayi wamasiye, galimoto kuima!"

Mayi Chimphepo anayang'ana bwalo losesedwa, mipando, mbale zovundikira. Anayang'ananso Kingsley, amene anali atatsika n'kukaima kumbali kwa khola ngati mlendo. Kenako anakhala pampando n'kulandira madzi osamba m'manja.

Anadya. Anayamikira thobwa, anafunsa ngati ndi la mawere kapena la chimanga chokha. Dyson anapatsidwa ntchafu ndi nthutumba, n'kupemphanso msuzi. Mbale ya Kingsley, Lydia anakampatsira kukhola kuja, ndipo inangokhala pansi, nkhuku zikuizungulira.

Atasamba m'manja, Mayi Chimphepo anapukuta zala ndi kansalu kawo.

"Zikomo, Anaphiri, mwatisamala. Tsopano ndalama ija ilipo?"

Anaphiri anafotokoza bwinobwino, osafulumira: za fodya, za maliro, za mtedza, za mdzukulu amene wasankhidwa. Anati pofika Disembala ngolo idzakhala itabweza zonse.

"Ndiye kuti mtedza munagulitsa, ndalama munaigwira m'manja, n'kuipititsa kwina?"

"Kwa mwana, mayi. Mdzukulu wanu yemwe."

"Makalata athu munalandira onse atatu?"

"Onse. Ndinawasunga." Anatuma Lydia kukawatenga m'buku la nyimbo. "Yomalizayi ndiyo inandilimbitsa mtima. Ndinati anthu awa ndi a Mulungu."

Mayi Chimphepo anaitambasula. Anaiwerenga mpaka pa siginecha yawo, n'kubwereranso pamwamba. Nkhope yawo sinasinthe.

"Kingsley, tabwera kuno."

Anabwera n'kuima chammbali, kuti asayang'anizane ndi apongozi ake. Anaphiri nawo anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Chichewa chako n'chokoma, mwana iwe. Kalata iyi ili ndi ndalama yake?"

"Ilipo, bwana."

"Tsiku lomaliza lilipo?"

"Lilipo."

"Pangano lija mayiwa anadinda chala, pamaso pa mboni. Unawawerengera za chikole?"

"Anawawerengera a Lydia."

"Ndiye pali chimene chalakwika apa? Nena, anthu akumva. Ngati kalata ya sitolo yanga inasokoneza munthu, ndidziwe amene anaisokoneza."

Lydia ankamuyang'ana mwamuna wake, pakamwa pali pululu.

"Palibe chalakwika, bwana," anatero Kingsley. "Kungoti anthu akuluakulu nthawi zina amamva mwina."

Mayi Chimphepo anapinda kalatayo n'kuiika m'chikwama chawo cha m'manja.

"Mwamva, Anaphiri. Tinati tidzabwera kudzakuonani. Tabwera, takuonani. Tsopano tione ng'ombe."

Mmodzi wa azimayi aja anati "Mayo ine!" n'kugwira pakamwa. Anaphiri sanalire. Anafunsa, nkhope ikadali kukhoma, mawu ali pansipansi:

"Lydia, tawafunsa bambo a Brenda. Tsiku lija ndinafunsa ngati zingadikire, iwo ankadziwa?"

Lydia anawerama, ndipo Kingsley anatembenukira kukhola.

"Ine si munthu woipa," anatero Mayi Chimphepo akuimirira. "Pangano likuti ziwiri, koma imodzi ikwana. Dyson, tenga yakudayo, ndiyo ili ndi thupi. Ikagulidwa tichotsa ngongole ndi mafuta a lole, chotsala tidzakutumizirani."

"Mayi, ngolo sikokedwa ndi ng'ombe imodzi," anatero Anaphiri. "Mukatenga imodzi mwatenga zonse. Ndipatseni mwezi umodzi wokha. Matiresi tikabweza kusitolo."

"Matiresi ogonapo kale? Ayi, musavutitse mwana, apite kusukulu. Maphunziro ndi ofunika."

Dyson analowa m'khola ndi chingwe. Ng'ombe yakuda ija inamuyang'ana, n'kupita kukaima mothinana ndi inzake. Anaikoka, inakana. Anaimenya ndi mtengo pamsana, inazungulira khola n'kumugwetsera m'ndowe. Ana a m'mudzi amene anali atadzaza kumpanda anaseka.

"Bwana, iyi ndi ya satana! Ifuna anthu anayi."

"Ifuna munthu mmodzi amene imamudziwa. Kingsley, si iwe umazimwetsa Lamulungu?"

"Bwana, ine pano ndi pa…"

"Pano ndi pa ntchito. Kapena ntchitoyo yakukwana?"

Kingsley anavula jekete n'kulipachika pa mpanda. Analowa m'khola, anaimba kamluzu kake, n'kuikanda ng'ombeyo kuseri kwa khutu. Inatsitsa mutu yokha kuti aimange. Anatuluka nayo ikumutsatira bwinobwino, chingwe chili lende, mpaka pa chulu pamene Dyson anali atabwezera lole kuti ikwere mosavuta. Inakwera. Itamva chitseko chachitsulo chikutsekedwa m'pamene inayamba kulira, ndipo inzake m'khola inayankha, ikugunda mitengo ndi nyanga.

Mayi Chimphepo anatsanzika mwaulemu wonse. Anagwira chanza azimayi aja, anathokozanso chifukwa cha nkhuku, anati Brenda akalimbikire. Anaphiri anali atakhala pansi pakhonde lozira lija, miyendo atatambasula, akuyang'ana mbale.

"Kingsley, ukwere kutsogolo. Tikaisiye kwa a butchala pa Nsaru, ukalembe lisiti."

Anakhala pakati, mwendo wake ukugundana ndi giya. Dyson ankanunkha ndowe ndipo ankaimba kanyimbo. Anayenda mtunda ndithu, ng'ombe ikupondaponda malata kumbuyo.

"Za kalata ija sindikuchotsa ntchito," anatero bwana kenako, akuchotsa kanyama m'mano ndi kamtengo ka machesi. "Ukanalemba zoona, bwenzi mayi aja atalipira, ine n'kupeza ndalama yanga yokha basi. Apa mwina ndipezapo ndi ya mafuta. Koma usadzayambirenso kusintha pepala limene ndikusayina."

"Zikomo, bwana."

"Mawa ulembe ina. Ya onse amene ngongole yawo yatha, ndi apongozi ako omwe. Uwathokoze kuti tagwira nawo ntchito bwino chaka chino, uwauze kuti feteleza watsopano afika mu Okutobala ndipo khomo lathu n'lotsegula. Kwa Anaphiri uwonjezere kuti ng'ombe yatsalayo tikhoza kuilandira ngati chikole. Uilembe mokoma, mmene umalembera muja."

Kingsley anatulutsa cholembera m'thumba la malaya, n'kufunsa ngati kalatayo ikhale ndi tsiku la mawa kapena la lero.